Batire la 1.2 Likaposa la 1.5

Amene anajambulapo zithunzi paukwati ndi kamera yoyendera mabatire a AA akudziwa mmene zimakhalira. Mwagula mabatire awiri atsopano m'mawa, mwajambula akwati akulowa m'tchalitchi, mwajambulanso akusaina m'kaundula, koma pamene akutuluka anthu akululutira, pa sikirini pabwera mawu akuti `Change the batteries`, lenzi n'kubwerera m'kati, kamera n'kuzima. Chodabwitsa n'chakuti mukatenga mabatire omwewo n'kuika limodzi mu wotchi yapakhoma, wotchiyo imayenda miyezi yambiri osasiya. Ndiye kuti moto unalimo. Nanga kamera inawakaniranji?

Yankho la funso limeneli ndi limene limasiyanitsa mabatire a alikalaini, aja otaya akatha, ndi mabatire otchaja amene amalembedwa `NiMH` pambali pake. Ambiri akaona kuti pa batire la alikalaini palembedwa 1.5 V pomwe pa lotchaja palembedwa 1.2 V, amangoti lotchajalo ndi lofooka. M'chipangizo chosadya moto wambiri akhoza kukhala ndi kamfundo. Koma mu kamera, mu fulashi ya kamera, kapena m'kagalimoto koseweretsa ana, zinthu zimatembenuka, ndipo la 1.2 ndi limene limapambana, nthawi zina kawiri kapena katatu.

Nambala ya pa batire imanena za batire lopuma

Volti ndi muyeso wa mphamvu imene batire likukankhira magetsi. Ampeya ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene chipangizo chikukoka. Nambala ya 1.5 V ija ndi imene mungaipeze mukayeza batire latsopano lili pa tebulo, palibe chimene chikulikoka. Likangoyamba ntchito, mavolti amene amafika ku chipangizo amatsika, chifukwa magetsi asanatuluke amayamba adutsa m'mankhwala ndi m'zitsulo za m'kati mwa batire lenilenilo, ndipo njira imeneyo simakhala yotakasuka. Kuthina kwa njirako amakuyeza ndi maomu. Lamulo lake ndi losavuta: mavolti amene amatayika m'kati ndi maampeya amene akukokedwa kuchulukitsa ndi maomu a batirelo.

Taganizani za chigubu cha madzi cha pakamwa pang'ono ndi ndowa. Ngati mukufuna kuthira madzi pang'onopang'ono m'kapu, zonse ziwiri zikuthandizani mofanana, mwinanso chigubu n'kukhala ndi madzi ambiri. Koma denga la khitchini likayaka, chigubu chimangoti gubugubu, madzi ali tho m'kati koma akutuluka mwa apo ndi apo, pomwe ndowa imakhuthula nthawi imodzi. Batire la alikalaini ndiye chigubucho.

Tiyeni tiike manambala. Batire la alikalaini la AA likakhala latsopano limakhala ndi maomu apakati pa 0.15 ndi 0.3, ndipo nambalayi imakwera batire likamagwira ntchito. La NiMH labwino limakhala ndi maomu pafupifupi 0.03, ndipo limakhala pomwepo mpaka pafupi ndi mapeto. Wotchi yapakhoma imakoka magetsi ochepa kwambiri, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a ampeya, choncho maomu a batire alibe nayo kanthu. Kamera ndi nkhani ina. Sikirini ikuyaka, kamota kakukankha lenzi, chithunzi chikulembedwa pa khadi, ndipo fulashi ikudzaza moto woti iwalire chithunzi chotsatira. Pa nthawi ngati imeneyo kamera imakoka ampeya imodzi, pena kuposa.

Titenge batire la alikalaini limene lagwirako ntchito. Mukaliyeza lili chopuma likuonetsa 1.3 V, ndipo maomu ake akwera kufika 0.3. Kamera ikakoka ampeya imodzi, mavolti 0.3 amathera m'kati, ndipo ku kamera kumafika 1.0 V. Makamera ambiri otere amazima batire lililonse likatsika kufika pakati pa 1.0 ndi 1.1 V, pofuna kuti asafe mwadzidzidzi ali pakati polemba chithunzi pa khadi. Ndiye kamera yathu yazima, chonsecho theka la moto, mwinanso woposa, likadali m'batire. Tsopano titenge la NiMH limene nalonso lafika pakati. Lili chopuma likuonetsa 1.25 V, kucheperapo poyerekeza ndi lija. Kamera ikakoka ampeya imodzi yomweyo, m'kati mumangotayika 0.03, ndipo ku kamera kumafika 1.22 V. Kamera sidandaula. Batire limene limaoneka lofooka pa tebulo ndi limene lili ndi mphamvu pa ntchito.

Pali chinanso chimene chimafulumizitsa imfa ya alikalaini mu kamera. M'kati mwa kamera muli kachipangizo kamene kamasintha mavolti a mabatire kuti akhale amene zida zake zimafuna, ndipo kamafuna mphamvu yofanana nthawi zonse. Mavolti akatsika, iko kamakoka maampeya ambiri kuti kakwanitse. Maampeya akachuluka, mavolti amatsikirako. Akatsika, kamakokanso kwambiri. N'chifukwa chake kamera ya mabatire a alikalaini sifooka pang'onopang'ono. Imangoti ili bwino, fulashi kuwala kamodzi, basi yazima.

Pamenepa mpamene pamachokera kachizolowezi ka ojambula kotulutsa mabatire, kuwafumbata m'manja kapena kuwaika m'thumba kwa kanthawi, kenaka n'kuwabwezera. Si zamatsenga. Batire likapuma, mankhwala a m'kati amapeza mpata wofalikira n'kufika pamalo pamene anachepa, ndipo kutentha kwa m'manja kumathandiza kuti zimenezi zichitike msanga. Mupezapo zithunzi zina zowerengeka. Koma zoluma batire ndi mano kapena kulipondereza ndi mwala, zimene ena amachita ndi mabatire a wailesi, zisiyeni: madzi a m'batire la alikalaini amawotcha khungu, ndipo akalowa m'maso ndi ngozi yeniyeni.

Kusiyana kumayambira pa kapangidwe

Mukalidula pakati batire la alikalaini, mupeza kuti chakunja kuli mkombero wochindikala wa ufa wakuda wa manganizi, pakati pali phala la ufa wa zinki, ndipo m'phalamo mwabayidwa kamsomali kamodzi kamene kamatenga magetsi. Kapangidwe kameneka kamalola kuti mulowe mankhwala ambiri, n'chifukwa chake batireli limasunga moto wochuluka ndipo ndi lotsika mtengo kupanga. Vuto ndi lakuti malo amene mbali ziwirizo zimayang'anizana ndi ochepa, ndipo zinki ikamagwira ntchito imasanduka chinthu chimene sichidutsa bwino magetsi. Batire la NiMH limapangidwa mwina: timapepala tiwiri tatitali topyapyala, kena ka mankhwala a nikelo, kena ka chitsulo chosakaniza chimene chimamwa haidirojeni n'kuisunga, timakulungidwa pamodzi ndi kansalu kolekanitsa pakati. Malo okumanirana ndi aakulu, ndipo mtunda woti magetsi adutse ndi waufupi kwambiri. Maomu ochepa aja amachokera pamenepo.

Mbiri yake ili ndi kanthu koseketsa. Batire la alikalaini limene tikulidziwa lero linakonzedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi Lewis Urry, injiniya wa ku Canada amene ankagwira ntchito ku kampani ya Eveready m'dera la Ohio ku America. Pofuna kukopa mabwana ake, anatenga timagalimoto tiwiri toseweretsa, kena n'kuikamo batire lakale la zinki ndi kaboni, kena batire lake latsopano, n'kutithamangitsa pansi m'chipinda chodyera cha pakampanipo. Ka batire lakale kanafooka msanga, kake kanapitirizabe kuyenda. Mabatirewo anayamba kugulitsidwa mu 1959. Choncho alikalaini anatchuka chifukwa chopirira m'choseweretsa chokoka moto wambiri, ndipo anakhala mfumu zaka makumi angapo, mpaka makamera a dijito atafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 n'kuyamba kufuna moto woposa umene iye angapereke. Apo n'kuti mabatire a NiMH atafika kale pamsika, cha m'ma 1990.

Pa batire la NiMH pamalembedwa nambala ina yotsatiridwa ndi `mAh`, monga 2000 mAh. Imeneyi imanena kuchuluka kwa moto wosungidwa: batire la 2000 mAh likhoza kupereka ampeya imodzi kwa maola pafupifupi awiri. Pa batire la alikalaini nambala imeneyi simuipeza kawirikawiri, ndipo pali chifukwa. Likamakokedwa pang'onopang'ono, la AA labwino limapereka 2500 mAh kapena kuposa, kupambana NiMH wambiri. Likakokedwa ampeya imodzi, limene mungagwiritse ntchito mavolti asanagwe limatsika kufika cha m'ma 1000 mAh, kapena kucheperapo. La NiMH la 2000 mAh likakokedwa ampeya imodzi yomweyo limaperekabe pafupifupi wonse umene linalonjeza. Opanga makamera amadziwa zimenezi. M'timabuku ta makamera a Canon a mtundu wa PowerShot A, amene ankayendera mabatire a AA, ankalemba manambala awiri a zithunzi zimene mungajambule, ya alikalaini ndi ya NiMH, ndipo pa makamera ambiri ya NiMH inkakhala yoposa inzake kawiri, pa ena katatu.

Ojambula a fulashi yapadera, yoika pamwamba pa kamera, amaona kusiyanaku mwa njira ina. Fulashi ikawala imafunika kudzazanso, ndipo mumadikira kagetsi kakumbuyo kuti kayake. Ndi alikalaini watsopano kudikirako ndi timasekondi tochepa, koma kumatalika madzulo akamapita, mpaka mumapezeka mukuuza anthu kuti aime kaye pomwepo akumwetulirabe. Ndi NiMH nthawi yodikira imakhala pafupifupi yomweyo kuyambira pachiyambi mpaka pafupi ndi mapeto.

Musanaweruze batire lililonse, onani kaye ngati lilidi limene mukuliganizira. Mabatire ambiri otsika mtengo a m'magolosale ndi pa msika si a alikalaini n'komwe, ngakhale amalembedwa mawu okopa ngati `Heavy Duty` kapena `Super Heavy Duty`. Ndi aja a zinki ndi kaboni amene Urry anawagonjetsa, ndipo mu kamera mwina sangakupatseni ngakhale zithunzi khumi. Zilembo zazing'ono za pambali ndi zimene zimanena zoona. Pa saizi ya AA, `R6` kapena `R6P` ndi zinki ndi kaboni, `LR6` ndi alikalaini, `HR6` ndi NiMH, ndipo `FR6` ndi la lifiyamu losatchaja, limene limachita bwino kwambiri mu kamera koma ndi lodula. Dzanja nalonso limathandiza: la zinki ndi kaboni ndi lopepuka moonekeratu, la alikalaini limalemera magalamu pafupifupi 23, la NiMH labwino magalamu 26 mpaka 30. Mukapeza batire lotchaja la AA lolembedwa 3800 mAh kapena 4500 mAh koma lopepuka m'manja, dziwani kuti nambalayo ndi yabodza. NiMH weniweni wa saizi imeneyi safika 3000 mAh.

Zoseweretsa ana zimapha mabatire otchaja mwakachetechete

Kagalimoto ka rimoti kamakoka moto wambiri kuposa mmene makolo amaganizira, makamaka ponyamuka, pokwera kamtunda, kapena kakakodwa pa mwendo wa mpando mwana n'kumangokanikizabe batani. Mota ikaimitsidwa magetsi akulowabe, imakoka maampeya ochuluka kwambiri. Apa NiMH amachita bwino pa chifukwa chomwe chija. N'zoona kuti mphindi zoyambirira kagalimoto ka mabatire anayi a alikalaini atsopano kakhoza kuthamangako kwambiri, poti 6 V ndi yoposa 4.8 V, koma sipatenga nthawi kuti kayambe kukwawa, pomwe ka NiMH kamathamanga liwiro limodzi mpaka kumapeto kenaka n'kufooka mwadzidzidzi.

Koma choseweretsa chili ndi vuto limene kamera ilibe. Kamera imazima yokha mavolti akatsika, ndipo potero imateteza mabatire. Zoseweretsa zambiri zotchipa zilibe nzeru imeneyo: ndi mabatire, switchi ndi mota basi. Mabatire anayi aja amalumikizidwa mondondozana, magetsi omwewo n'kumadutsa mwa onse. Palibe mabatire anayi ofanana ndendende, choncho limodzi limatha moto anzake asanathe. Atatu otsalawo amapitiriza kukankha magetsi kudutsa m'lakufalo, ndipo kwa ilo kumakhala kutchajidwa chambuyo. M'kati mwake mumapangika mpweya, kavalavu kotetezera kamatseguka n'kutulutsa, ndipo madzi a batire amene atayika sabwereranso. Likatero kawiri katatu, batirelo limakhala lofooka mpaka kalekale, ndipo poti ndi lofooka, ulendo wotsatira ndi lomwelo limene limayamba kutha. Ambiri amene amati mabatire otchaja sakhalitsa anawaphera apa, kagalimoto katagona pansi pa bedi usiku wonse switchi ili yoyatsa.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuona ngati muli ndi kamita koyezera mavolti, kaja amagwiritsa ntchito okonza mawailesi. Tulutsani mabatire onse kagalimoto kakangofooka, muyeze limodzi ndi limodzi. Mukapeza atatu akuonetsa 1.2 V koma limodzi likuonetsa 0.9 kapena pafupi ndi 0, lopalamula ndi limenelo. Lichotseni pagulu, lipatseni ntchito ya lokha ngati m'katochi ka batire limodzi. Popanda mita, muona kuti batire lina limadzaza msanga pa tchaja, limatentha kuposa anzake, kapena lachita ufa woyera kumutu.

Njira yopewera ndi yosafuna ndalama. Mabatire amene munagula pamodzi azigwira ntchito pamodzi ndi kutchajidwa pamodzi. Alembeni chilembo chimodzi ndi cholembera chosafufutika kuti asasokonekere ndi ena. Muwachotse pamene choseweretsa chayamba kufooka, osadikira kuti chiime. Musaphatikize latsopano ndi lakale, la 2000 mAh ndi la 2500 mAh, kapena NiMH ndi alikalaini m'chipangizo chimodzi. Kuphatikiza kotereku kumapwetekanso alikalaini: likatchajidwa chambuyo limachucha, n'kuwononga tizitsulo ta m'kabokosi ka mabatire.

Mphamvu yomweyo imene imathandiza kamera ndi yofunika kuisamala. Batire la maomu ochepa likalumikizidwa mutu ndi thako ndi chitsulo, palibe chobweza magetsi, ndipo maampeya ambirimbiri amadutsa nthawi imodzi. Batire la NiMH lotchajidwa likakhala m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo likhoza kutentha mpaka kuwotcha ntchafu. Lisungeni m'kabokosi kake. Likang'ambika pulasitiki yokutira, lisiyeni, chifukwa thupi lonse la batire lili ndi magetsi a mbali yakuthako. Ndipo mukaona kabuku ka choseweretsa kakuletsa mabatire otchaja, mverani. Nthawi zina n'chifukwa choti mawaya ake ndi opyapyala, ndipo wopanga akudalira kuti alikalaini sangapereke moto wokwanira kuwasungunula mota ikakodwa.

Tchaja ndi theka la nkhani

Batire la NiMH likadzaza silikana magetsi. Owonjezerawo limawasandutsa kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa. Choncho funso lalikulu pa tchaja iliyonse ndi lakuti imadziwa bwanji nthawi yosiya. Yotchipa kwambiri sidziwa. Imangothira magetsi ochepa mpaka inu mutaizula, ndipo kuwerengera nthawi ndi udindo wanu. Onani maampeya olembedwa kumbuyo kwake. Ngati palembedwa 200 mA ndipo batire ndi la 2000 mAh lopanda moto, gawani 2000 ndi 200, mupeza maola 10, kenaka onjezani pafupifupi 4 chifukwa si magetsi onse olowa amene amasungidwa. Maola 14 akwana. Batire limene linangotha theka lifuna theka la nthawi imeneyo, ndipo apa mpamene anthu ambiri amaphika mabatire awo osadziwa. Palinso matchaja oyendera wotchi ya m'kati, amene amazima pakatha maola oikika. Amenewa amavuta kumene magetsi amathimathima, chifukwa magetsi akabwera wotchiyo imayambiranso pachiyambi, batire lodzaza kale n'kulandira maola ena onse.

Tchaja yabwino imayang'anira batire lenilenilo. NiMH akadzaza mavolti ake amasiya kukwera n'kutsika pang'ono kwambiri, ndipo thupi lake limayamba kufunda. Tchaja yanzeru imaona zimenezi n'kusiya. Pogula, funani imene imatchaja batire lililonse palokha, yokhala ndi kagetsi kapena kachizindikiro ka pa malo aliwonse, ndipo imalola kuika ngakhale batire limodzi. Imene imafuna awiriawiri imasiya poona awiriwo pamodzi, choncho lina limapsa pomwe linzake silinadzaze. Batire lofunda pomaliza kutchaja ndi labwinobwino. Lotentha moti simungalifumbate likukuuzani kuti tchaja kapena batirelo lili ndi vuto. Ine ndikanakhala ndi ndalama zochepa, ndikanagula mabatire apakati ndi tchaja yabwino, osati mabatire apamwamba ndi tchaja ya mwachisawawa. Matchaja ambiri a masiku ano amalowetsa magetsi pa USB, choncho amagwira ndi pulagi ya foni, ndi pawabanki, ngakhale ndi kasola ka panyumba. Ndipo mu tchaja iliyonse ya NiMH musaikemo batire la alikalaini. Likhoza kuchucha kapena kuphulika.

Nkhani yoti batire liyenera kutha moto wonse lisanatchajidwe inachokera ku mabatire akale a nikelo ndi kadimiyamu. Pa NiMH vutolo ndi laling'ono kwambiri, ndipo kulithetseratu moto dala m'choseweretsa ndi kumene kumaliwononga. Litchajeni pamene mwafuna.

Dandaulo lina lakale linali loona. Mabatire a NiMH oyambirira ankataya moto okha ali m'kabati, gawo limodzi mwa magawo asanu pamwezi kapena kuposa, ndipo nyengo yotentha zinkanyanya. Munthu ankatchaja, n'kusunga kamera, pa tsiku la mwambo n'kupeza mabatire ali ziii. Mu 2005 kampani ya Sanyo ya ku Japan inatulutsa mabatire otchedwa Eneloop, amene amasunga moto wambiri ngakhale patapita chaka, ndipo amagulitsidwa otchaja kale. Lero dzinalo lili m'manja mwa Panasonic, ndipo makampani ena ambiri amapanga a mtundu womwewo. Pa paketi pamalembedwa `Pre-charged` kapena `Ready to use`. Mabatirewa nthawi zambiri amakhala a 1900 mpaka 2000 mAh. Alipo a 2500 mAh, koma kuti moto wochulukawo ulowe, zina za m'kati amazipyapyalitsa, ndipo moyo wa batire umafupika: Panasonic mwiniwake amalonjeza maulendo otchaja 2100 pa Eneloop wamba koma 500 pa wa 2500 mAh. Manambala amenewa ndi a m'chipinda choyesera, ndipo panyumba simungawafike, koma akusonyeza kumene kusinthanaku kukulowera. Wojambula maukwati amene amatha mabatire tsiku limodzi angapindule ndi a 2500. Wa panyumba asavutike nawo.

Pali kanthu kamodzi koti muzolowere. Poti mavolti a NiMH sasintha kwambiri kuyambira pachiyambi mpaka pafupi ndi mapeto, kachizindikiro ka batire pa sikirini sikathandiza kwenikweni. Kakhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino, chenjezo n'kubwera patatsala zithunzi zochepa chabe. Makamera ena, monga ena a Nikon ndi Fujifilm oyendera AA, ali ndi malo osankhira mtundu wa batire, olembedwa `Battery type`. Sankhani NiMH kuti kamera iziwerenga molondola. Koma chodalirika ndi kunyamula gulu lachiwiri lotchaja kale.

Alikalaini akadali ndi malo ake. Mu wotchi yapakhoma, mu rimoti ya wailesi yakanema, m'tochi yongosungira tsiku la mavuto, maomu ake alibe ntchito, moto wake wonse umagwiritsidwa, ndipo amakhala zaka zisanu kapena kuposa ali m'paketi. Kuika batire lotchaja lodula m'chinthu chimene chimatha batire limodzi pachaka ndi kumangirira ndalama pachabe. Zipangizo zina zinapangidwanso moyembekezera 1.5 V, moti zikaona 1.2 V zimayamba kudandaula kuti batire latha. Mabatire a alikalaini amene kamera yawakana apatseni ntchito zimenezi m'malo mowataya. Chofunika n'kusawaiwala m'chipangizo chimene chasungidwa, chifukwa batire la alikalaini lotha moto ndi limene limachucha. Mukapeza ufa woyera m'kabokosi ka mabatire, pukutani ndi kathonje konyowetsa ndi viniga kapena madzi a ndimu, osagwira ndi manja, kenaka umitsani bwino.

Za ndalama, mitengo imasiyana malo ndi malo, koma masamu ake mukhoza kuwachita nokha m'sitolo. Tiyerekeze kuti mabatire anayi a NiMH pamodzi ndi tchaja akugulitsidwa mtengo wofanana ndi mapaketi khumi a alikalaini weniweni. Ngati mu kamera yanu kutchaja kamodzi kukugwira ntchito ya mapaketi awiri, ndalama yanu yabwerera pa ulendo wachisanu. M'kagalimoto ka mwana amene amatha paketi pa sabata, yabwerera miyezi itatu isanakwane. Magetsi otchajira ndi ochepa kwambiri. Batire la 2000 mAh pa 1.2 V limasunga mawati 2.4 a ola limodzi, anayi pamodzi pafupifupi 10, ndipo ngakhale titawirikiza kawiri powerengera otayika mu tchaja, tifika pa 20. Yuniti imodzi ya magetsi ya pa mita yanu ili ndi 1,000, ndiye kuti imatchaja mabatire anayiwo maulendo 50.